Chidule cha mayeso: pulesha ya okosijeni ndi kaboni dayokisaidi kuchokera mumpweya mpaka m'maselo

Gulu lathu lowerengera limodzi, Mangochi. Manambala onse a pulesha ali mu mmHg (1 kPa ndi 7.5 mmHg).

Anzanga, gwiritsitsani ichi: mpweya uliwonse umatsetsereka pawokha kuchoka pomwe pulesha yake ili yokwera kupita pomwe ili yotsika, ngati mmene Shire amatulukira m'nyanja kulowera ku Malombe. Okosijeni amatsetserekera mkati, kaboni dayokisaidi kunja.

Mpweya wakunja. Mabuku amawerengera pagombe la nyanja yamchere, pomwe pulesha yonse ndi 760. Okosijeni ndi 21 peresenti, choncho pulesha ya okosijeni, PO2, ndi pafupifupi 160. Ya kaboni dayokisaidi, PCO2, ndi 0.3 basi.

M'kholingo. Mpweya umanyowetsedwa, ndipo chinyezi chimatenga 47 pa kutentha kwa madigiri 37. PO2 imatsika kufika 150. Musaiwale kuchotsera 47 ameneyu, ambiri timataya malikisi pamenepa.

M'timatumba ta m'mapapo, maaliviyolasi. PO2 ndi 100, PCO2 ndi 40. Yatsikiranji chonchi? Mpweya watsopano umasakanikirana ndi wakale wotsalira m'mapapo, kwinaku magazi akutapa okosijeni mosalekeza n'kumasiyamo kaboni dayokisaidi. PO2 ya m'aliviyolasi, PAO2, timaipeza ndi fomula ili m'munsiyi, momwe FiO2 ndi gawo la okosijeni mumpweya, 0.21, PB ndi pulesha yonse, ndipo PaCO2 ndi PCO2 ya magazi opita m'thupi, 40.

```
PAO2 = FiO2 × (PB − 47) − PaCO2/0.8
```

Kuno tili pamtunda wa mamita pafupifupi 470, pulesha yonse ili cha m'ma 718. Ikani mufomulayi mupeza 91, osati 100. Munthu wokhala ndi 91 kuno ndi wabwinobwino. Wa ku Dedza yake imatsikanso kuposa apa. Pamayeso lembani 100 pokhapokha funso litapereka pulesha ina.

Magazi m'mapapo. Amafika ndi PO2 ya 40 ndi PCO2 ya 46. Amadutsa m'timitsempha kwa masekondi 0.75 munthu akamapumula, koma pa 0.25 amakhala atafanana kale ndi aliviyolasi. Nthawi yotsalayo ndiyo imatipulumutsa tikamathamanga.

M'mitsempha yochoka kumtima kupita m'thupi. PO2 ndi 95, PCO2 ndi 40. Yatsikako pang'ono chifukwa magazi ena, monga a m'mitsempha yodyetsa mapapo enieniwo, amalowerera osadzera ku maaliviyolasi.

M'minofu. Madzi ozungulira maselo ali ndi PO2 ya 40, m'selo imatsikanso, m'mitokondiriya ndiye yochepa zedi. PCO2 ndi 46 kapena kupitirirako. Magazi amabwerera ndi 40 ndi 46, kudzaza kwa himogulobini ndi okosijeni kutatsika kuchoka pa 97 peresenti kufika pa 75.

Onani kusiyana m'mapapo: okosijeni 60, kaboni dayokisaidi 6 yekha. Zimakwanira chifukwa kaboni dayokisaidi amasungunuka kwambiri, amadutsa mofulumira kuwirikiza pafupifupi ka 20. N'chifukwa chake khoma la aliviyolasi likakhuthala, okosijeni ndiye amayamba kutsika.

Ichi chokha musachiphonye, chifukwa tidzakumana nacho kuwodi ya ana. PO2 imayeza okosijeni wosungunuka m'madzi a magazi, osati amene wanyamulidwa ndi himogulobini. Mwana amene malungo amuthera magazi akhoza kukhala ndi PO2 ya 95, kamakina ka pachala n'kumaonetsa 97, koma minofu yake ikusowa okosijeni chifukwa onyamula ndi ochepa. Yang'anani zikhatho zake, yezani himogulobini.