Chigayo cha Agogo

Mpira unali kuyamba 3 koloko pabwalo la sukulu, ndipo Madalitso ndiye anali goloboyi. Agogo ake, aNabanda, anali atamuuza kuti asanapite agaye kaye mtedza wa nsinjiro, chifukwa mfutso unali kale pamoto. Mnyamatayo anakhuthulira mtedza wodzaza manja anayi m'chigayo chamanja chomwe chinamangidwa pathebulo la pakhonde, n'kuyamba kupukusa ngati akuthamangitsidwa. Chinazungulira kasanu. Kachisanu ndi chimodzi chinalira kuti khwe! n'kuima.

Anakoka, anakankha, anatsamira ndi thupi lonse mpaka miyendo ya thebulo inanyamuka. Chogwirira chinangoti nji. Ndiye anathamangira kuseri kwa nkhokwe n'kubwera ndi mwala.

"Amuna anga, mwalawo mukufuna kuphera ndani?"

Agogo anali ataima pakhomo la khitchini, mthiko uli m'manja.

"Chakakamira, agogo. Ndingochimenya kamodzi basi."

"Ika pansi. Chitsulo ichi sichipindika ngati khasu, chimasweka ngati mbiya. Agogo ako aamuna anachinyamula kuchoka ku Joni mu 1973, pobwera ku Wenela, chitakulungidwa m'bulangete. Chadyetsa mayi ako, chadyetsa amalume ako onse, ndiye chife lero chifukwa cha mpira?"

Anakhala pampando, napukuta manja pachitenje. Sanagwire n'komwe chogwirira chija. Anayamba ndi nati yam'mbali, ija imene imapanikiza mano awiri a chigayo, koma inali itagwira dzimbiri. Anatuma Madalitso kukatenga botolo la mafuta ophikira ndi nthenga ya nkhuku. Anaviika nthengayo, nadontheza timadontho titatu pamazinga a nati, kenako anamasula chigayo pathebulo n'kukachiika padzuwa, pamwamba pa mtondo wovundikira.

"Tsopano?"

"Tsopano tidikire. Mafuta alibe miyendo, amachita kukwawa."

Kumunsi kunamveka wezulo. Madalitso anayang'ana kunjira, misozi ili m'mbalimbali. Agogo anaona, koma sananene kanthu. Anangomuikira lichero pamiyendo ndi kutsanuliramo mtedza wotsala uja.

"Sankha. Wofota uku, wowola uko. Wowolawo usapatse ngakhale nkhuku, chuku chake n'choipa."

Poyamba ankasankha mokwiya, akuponya mtedza ngati wamulakwira. Koma zala zikazolowera ntchito mtima umatsatira. Posakhalitsa anapeza kamwala kofiirira, kofanana ndendende ndi njere ya chalimbana. Anapezanso kena, ndi kachidutswa ka waya. Anaziika pambali mwakachetechete, osafuna kuti agogo aone. Iwo anali ataona kale.

Dzuwa la mu Julaye ku Mchinji silitentha kwenikweni, choncho anadikira ndithu. Kawiri konse mnyamatayo anadzuka kuti akayese, kawiri konse agogo anangoti, "Kuona maso a nkhono..." iye n'kukhalanso pansi, akumalizitsa yekha mwambiwo chapansipansi.

Mthunzi wa mpapaya utafika pamtondo, anati, "Kachitenge. Uyese ndi zala zokha, osati mphamvu."

Nati inakana, kenako inagwedezeka pang'ono, kenako inayamba kuyenda. Madalitso anaseka osadziwa kuti waseka. Atachotsa mano akunja, anapeza mkati mutadzaza chiponde chouma chadzana, cholimba ngati dothi la pachulu.

"Amene anagaya dzana sanatsuke," anatero agogo, maso ali kumbali.

"Ndinali ine."

"Ndikudziwa. Bweza chogwiriracho cham'mbuyo, pang'onopang'ono."

Anabweza. Chitsulo chopota chamkati chinasuntha, ndipo kamwala kakang'ono ngati njere ya nandolo kanagwera pathebulo kuti go. Anakatola, nakayang'anitsitsa. Kanthu kochepa chotere!

Anapala mano aja ndi kamtengo, mzere uliwonse paokha, natsuka ndi madzi ofunda ndi phulusa, napukuta mpaka kuuma. Pobwezera, agogo anagwira dzanja lake panati.

"Ukamanga kwambiri utulutsa chiponde, ukalekerera utulutsa misere. Manga, bweza theka, gaya pang'ono, uone ndi zala. Ndipo uzithira dzanja limodzi, likatha lina."

Nsinjiro zinayamba kugwera m'mbale, zoyera, zofewa, fungo lake likufika mpaka kukhitchini. Chigayo chinkalira mofatsa tsopano, kwe, kwe, kwe.

Kubwalo kunamveka chiphokoso, wina anali atagoletsa. Mnzake Yohane anatulukira pampanda ali wefuwefu.

"Mada! Atichinya ziwiri, aphunzitsi akuti ubwere hafu yachiwiri!"

Madalitso anayang'ana m'lichero. Munatsala manja atatu.

"Thamanga, ndimaliza ndine," anatero agogo.

"Ayi, chizoloweranso kukakamira." Anatapa dzanja lina, naliunika bwino ngati muli kamwala, nathira. "Yohane, kawauze kuti ndikubwera. Ndiyenera kutsuka kaye manowa."

ANabanda analowa m'khitchini kukavundula mfutso, kamwala kaja atakamanga pakona ya chitenje.