Mawu othokoza potseka msonkhano wa anamwino ndi azamba wokhudza ana obadwa masiku osakwana

Wapampando, alendo athu olemekezeka, madokotala, anamwino ndi azamba anzanga, ndakulonjerani nonse.

Sindikuchedwetsani, poti ena ulendo wanu ndi wautali, ndipo alipo amene mawa m'mamawa akuyenera kukhala ali kale m'wodi. Ndaimirira pano m'malo mwa komiti yokonza msonkhanowu kuti ndinene zikomo.

Pokonzekera tinayala mipando 150, tikumaganiza kuti ina itsala. Dzulo pomwe imakwana 9 koloko m'kaundula munali mayina 230, anyamata athu ali pakalikiliki kusaka mipando m'zipinda zina. Ena mwa inu munamvera phunziro loyamba lonse muli chiimire kumbuyo uko, kope lili m'manja, osadandaula. Pepani kwambiri, komanso dziwani kuti zimenezo zinatilimbitsa mtima. Lero masana ano holo ikadali yodzaza, chinthu chosowa pa tsiku lachiwiri la msonkhano uliwonse.

Amene munatiphunzitsa, zikomo. Mwatikumbutsa kuti njira ya kangaru, yogoneka khanda pachifuwa cha mayi ake khungu kukhudzana ndi khungu, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia m'chaka cha 1978, pachipatala pomwe makina ofunditsira ana ankachepa. Anaiyambitsa ndi anthu amene ankasowa zipangizo monga momwe ambiri a ife timasowera. Mwatifotokozeranso bwino zimene bungwe la WHO linalangiza mu 2022, zakuti mwana wobadwa masabata 37 asanakwane, kapena wosafika makilogalamu 2.5, aikidwe pachifuwa akangobadwa, osadikira kuti ayambe wakhazikika m'makina, ndipo akhalepo maola 8 mpaka 24 pa tsiku. Ambiri tinaphunzira mosiyana ndi pamenepa, n'chifukwa chake mtsutso wa dzulo madzulo unatentha. Ine ndinakondwa kuti unatentha. Mzamba amene wafunsa mpaka kukhutira ndi amene akachite chinthucho akabwerera.

Koma chimene sindidzaiwala ndi cha m'mawa uno. Mayi wina, mzamba wa pachipatala chaching'ono cha kumudzi, anakweza dzanja n'kufunsa kuti, kodi mayi akakhala kuti wachitidwa opaleshoni kapena wataya magazi ambiri, mwanayo agone pachifuwa cha ndani? Holo yonse inangoti zii. Kenako mayankho anayamba kuchokera kwa inu nomwe, osati kutsogolo kuno. Wina anati iye amaitana bambo a mwanayo. Wina anati agogo, ndipo anaimirira kutisonyeza m'mene amamangira nsalu kuti mutu wa khanda upendekere kumbali, kakhosi kasapindike, mpweya uzidutsa bwino. Anagwiritsa ntchito chidole chophunzirira chija, manja ake akuyenda mosonyeza kuti wachitapo zimenezi kambirimbiri. Amayi, kulikonse komwe mwakhala, zikomo chifukwa cha funso lanu. Misonkhano timaikonzera zoterezi.

Ndithokozenso anthu amene sali m'chipinda chino. Kuti inu mukhale pano masiku awiri, pali mnzanu amene wagwira mashifiti awiri motsatizana, pali wina amene wasiya tchuthi chake. Ana sanaleke kubadwa chifukwa ife tili pamsonkhano. Mukafika, kawauzeni kuti tawatchula pano, ndipo zimene mwalemba m'makope mwanumo mukagawane nawo, chifukwa iwonso alipirira msonkhanowu ndi tulo tawo.

Amene munatithandiza ndi ndalama ndi zipangizo, eni malo ano, omasulira, oyendetsa galimoto, okonza m'holo muno usiku ife titapita kokagona, Mulungu akudalitseni. Ophunzira unamwino amene mwakhala mukuthamanga ndi maikolofoni uku ndi uku, imirirani anthu akuoneni. Tiwaombere m'manja. Anzanga a m'komiti, takhala miyezi isanu ndi umodzi tikuimbirana mafoni mpaka usiku, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerera m'mbuyo. Ndikunyadirani kuchokera pansi pa mtima.

Tagwirizana kuti pakatha miyezi itatu chipatala chilichonse chitumize lipoti lalifupi la ana amene agonekedwa pachifuwa ndi zovuta zimene mwakumana nazo. Chonde lembani zoona, ngakhale zitakhala kuti sizinayende, poti zimenezo ndi zomwe tidzayambire tikadzakumananso.

Mapepala ofotokoza maganizo anu pa msonkhanowu asiyeni m'bokosi lili pakhomo, ndipo masatifiketi mulandire pa tebulo lomwe munalembetsera dzulo. Amene munabwera mochedwa ndipo dzina lanu silinalembedwe, mundipeze pompano, sindichoka mpaka aliyense atalandira yake.

Wapampando, mawu anga athera pamenepa. Muyende bwino nonse, mukapeze kunyumba kuli bwino. Zikomo kwambiri.