Makhadi atatu pa chibwenzi chatsopano: zakale, zalero ndi zakutsogolo

Loweruka lapitali mnzanga wina wa ku Chilinde anabwera kwathu ku Kawale ndi funso lake. Wangoyamba kumene chibwenzi ndi mnyamata amene anakumana naye pa chinkhoswe ku Likuni, ndipo papita masabata 6 okha. Ndifotokoza kawerengedwe ka makhadi atatu a taroti, makhadi a zithunzi amene anthu amaombezera, potsata amene mnzangayo anatola, poti wandilola.

Yambani ndi funso. Iye anati, "Achemwali, kodi ameneyu adzandikwatira?" Ndinamubweza. Funso loyankhidwa ndi eya kapena ayi silikupatsani choti muwerenge. Tinagwirizana lakuti, "Chibwenzichi chachokera kuti, chili pati, ndipo chikulowera kuti?" Wofunsayo asakanize yekha makhadi onse 78, atole atatu osawaona, awayale chozondotsa kuyambira kumanzere. Lakumanzere ndi zakale, lapakati ndi zalero, lakumanja ndi zakutsogolo. Ine ndimagwiritsa ntchito makhadi amene anajambula Pamela Colman Smith, omwe anatuluka ku London mu 1909, chifukwa khadi lililonse lili ndi chithunzi chofotokoza nkhani.

Tembenuzani onse atatu, koma musafulumire kumasulira. Onani kaye mitundu yake. Pa makhadi 78 aja, 22 ndi akuluakulu, 56 ndi ang'onoang'ono, ndipo ang'onoang'onowo ali m'magulu anayi: zikho zimanena za mtima, ndodo za chilakolako ndi changu, malupanga za maganizo ndi mikangano, makobidi za ndalama, ntchito ndi zapakhomo. Mnzangayo anatola Zikho 5, Mwezi, ndi Msilikali wa Makobidi. Khadi lalikulu linali limodzi lokha, lapakati, choncho ndinadziwa kuti nkhani yagona pamenepo.

Pa chibwenzi cha masabata 6, khadi la zakale kawirikawiri silinena za awiriwo, poti alibe mbiri. Limanena za katundu amene wofunsayo walowa naye. Pa Zikho 5 pali munthu wovala chakuda, wawerama, akuyang'ana zikho zitatu zotayika, pomwe ziwiri zaima bwinobwino kumbuyo kwake. Ndinangomufunsa kuti zitatuzo ndi ziti. Anakhala chete, kenako anatchula bambo wina amene anamulonjeza ukwati, ankhoswe mpaka kudziwana, zinthu n'kuthera panjira chaka chatha.

Mwezi, nambala XVIII, ndi khadi limene anthu amalimasulira molakwika kwambiri. Pali galu ndi mmbulu zikuuwa mwezi, kanyama konga nkhanu kakutuluka m'madzi, ndi kanjira kodutsa pakati pa nsanja ziwiri. Ambiri akaliona amathamangira kunena kuti mwamunayo ali ndi mkazi wina. Ine zimenezo ndimakana. Khadili likunena kuti mukuyenda usiku: zinthu zikuoneka, koma osati bwinobwino, chitsa n'kumaoneka ngati munthu. Chinsinsi chikhoza kukhalapo, inde, komanso akhoza kukhala mantha anu okha. Apa m'pamene muyenera kubwerera ku khadi loyamba. Munthu amene maso ake akadali pa zikho zotayika, foni ikangolira osayankhidwa madzulo amodzi, mumtima amakhala atagamula kale mlandu. Ndinamufunsa zimene akudziwadi za mnyamatayo. Kuntchito kwake ku Kanengo akukudziwa. Kumene amagona sanafikeko, mlongo wake sanamuonepo, mpingo wake sakuudziwa. Mdima wake ndi umenewo, ndipo woti auchotse ndi mnyamatayo, akafunsidwa.

Lachitatu muliwerenge ngati kumene njira ikulowera zinthu zikapitirira momwe zililimu, osati ngati chigamulo. Msilikali wa Makobidi wakwera hatchi yakuda imene yangoima, kobidi lili m'manja, kumbuyo kuli munda wolimidwa kale. Pa asilikali anayi a m'makhadiwa, iyeyu ndiye wochedwa kuposa onse. Khadi la munthu ngati ili likhoza kuimira mnyamatayo, wofunsayo, kapena mayendedwe a chibwenzicho. Ine ndinasankha lomalizali: pang'onopang'ono, mopanda zokometsera zambiri, ngati mizere ya mu Okutobala yodikira mvula. Mnzangayo anakwinya nkhope, amafuna khadi la Okondana. La Msilikaliyo likanatuluka chadodolido ndikanati kuchedwako kwasanduka kuima, ngakhale owerenga ena salabadira n'komwe za makhadi ozondoka. Ndipo likadzakutulukirani la Imfa, nambala XIII, pamalo amenewa, musakonzekere maliro, limanena za kutha kwa gawo lina.

Pomaliza lumikizani atatuwo m'chiganizo chimodzi, ndipo achinene ndi wofunsayo, osati inu. Chake chinali chakuti, "Ndalowa ndi bala, sindikumudziwa bwino, ndiye ndisathamange." Anafuna kutola lachinayi kuti mwina lisintha nkhani, koma ndinabweza makhadi m'kathumba. Tinalemba atatuwo m'kope pamodzi ndi tsiku, ndipo tidzawaonanso mwezi wamawa, akadzakhala atakaonako kumene mnyamatayo amakhala.