Aneba, tikambirane za madzi aja

Mwaswera bwanji achimwene? Ndinafika kwanu mmawa koma alamu anati mwapita ku Nchalo, nde ndati ndingolemba poti mitamboyi sikudikira munthu.

Nkhani ndi ya madzi. Mvula ya usiku wa Lachiwiri ija ife sitinagone, madzi analowa mpaka kukhitchini, thumba la mapira linanyowa pansi ndipo ana anadzuka mphasa ikuyandama. Mmawa ndinatsata mmene anayendera, akuchokera pa malata a nyumba yanu yatsopano ija, mbali yopanda gatala, kenako amatsetsereka poti bwalo lanu munathira dothi linakwera, nkudzadutsa pansi pa mpanda pa mtengo wa nimu paja molunjika khonde langa. Sikuti ndikukuimbani mlandu ayi, munthu akamanga nyumba timayamika. Koma dothi lathu la makandeli mukulidziwa, silimwa madzi, amangokhala masiku atatu udzudzu nkumaswana, ndipo chimene chikundiopsa kwambiri ndi chimbudzi changa chomwe chayamba mng'alu kumbuyo. Chija chinagwa ndi Freddy mu 2023 ndinachita kukongola ndalama kuti ndimange ichi, sindingakwanitsenso.

Nde maganizo anga ndi awa. Tikumbe ngalande imodzi motsata mpanda, kuyambira pa nimupo mpaka ikagwere mu ngalande ya kumsewu, ndayeza ndi mapazi akukwana 30. Kuya kwake kusapitirire mbondo, bola itsetsereke bwino madzi asamaime. Pokhota paja nde pofunika njerwa ndi simenti chifukwa mpamene madzi amamenya mwamphamvu, kwinako tingodzala vetiva mmbali kuti dothi lisamagumuke. Ine ndili ndi njerwa zootcha 400 zinatsala, ndigulanso matumba awiri a simenti. Inu mutithandize mchenga poti ngolo muli nayo, komanso gatala wa mbali ijayi ndi diramu pansi pake, alamu apezanso madzi ochapira osapita kumjigo. Bilida tigawana pakati. Kukumba sitilemba waganyu, anyamata anu ndi anga atha tsiku limodzi, nsima ndi thobwa zikhala kwathu.

Chimodzi chokha, tisaikhotetsere kumunsi kwa agogo aja, nyumba yawo ndi ya zidina, tingawagwetsere khoma tikhala ochimwa ndife. Ndipo poti ngalandeyo idutsa mmalire, ndi bwino tiwadziwitse amfumu adzaone, osati ngati mlandu, kungoti mawa ana athu asadzakangane kuti malo anadyedwa ndi ndani. Ngati mukuona kuti ikudyerani malo isunthireni mbali yanga, ndilibe nazo vuto.

Kukangoomba dzuwa masiku awiri nthaka imakhala bwino kukumba, isanaume gwa ngati mwala. Loweruka madzulo mukhalapo? Ndibwera ndi chingwe ndi zikhomo tidzayeze limodzi, mwina inu muli ndi nzeru ina yoposa iyi. Mukawerenga mundiflashe ndiimba ineyo.