Buku Lopanda Chikuto

Chaka cha njala, 2002, ndinasiyira sukulu Fomu 3. Fizi inasowa, ndipo amayi anandituma kwa azakhali ku Zomba kuti ndizikawathandiza kugulitsa mandasi pamsika. Ntchito yanga ina inali yosaka mapepala okulungira.

Kuseri kwa ogulitsa kaunjika kunali madala ena amene ankayala mabuku akale pachiguduli. Abwinoabwino ankawaika kutsogolo, ong'ambika ankawaponya m'katoni kudikira ife a mandasi ndi a usipa.

"Tasankha msanga, mwanawe, mvula iyo," anatero tsiku lina.

Ndinapisa dzanja m'katoni n'kutulutsa buku lopanda chikuto. Linkanunkha chinyezi, ndipo chiswe chinali chitadya ngodya imodzi. Nditatsegula ndinaona chithunzi cha manja awiri, lina lagwira mpeni, lina kamtengo kong'ambidwa pakati. Linali la Chingerezi, lophunzitsa kumezanitsa mitengo ya zipatso. Koma chimene chinandigwira mtima ndi mawu a pensulo m'mphepete mwa tsambalo, olembedwa m'Chichewa ndi dzanja lopendekeka: "Ndinalephera kasanu ndi kawiri. Nola mpeni."

"Ili ndi zingati, agogo?"

"Lokulungira ndi K5. Koma iwe ukuwerengatu."

"Ndikuwerenga."

Anandiyang'ana kanthawi. "Ndiye usaling'ambe. Tenga, ndalamayo ugule chinangwa."

Azakhali anandikalipira chifukwa ndinabwerera wopanda mapepala. Usiku ndinawerenga pakoloboyi mpaka parafini atatha. Chingerezi china chinkandipitirira, koma mwini pensulo uja anali atadutsamo kale, ngati munthu wokuthyolera mame m'njira. Pamene buku linkachulutsa mawu, iye anangolemba kuti, "Khungwa likumane ndi khungwa." Pena analemba, "Tsinde likhale ngati pensulo iyi." Patsamba lina panali dontho la tiyi ndi mawu akuti, "Lero waphuka umodzi." Mawu amenewa ndinawawerenga katatu, ndipo ndinasangalala ngati mtengowo unali wanga.

Nyengo ya mango itafika ndinkatola mbewu zimene anthu ankataya atadya. Ndinazifesa kuseri kwa bafa m'majumbo a shuga odzaza dothi. Anzanga ankandiseka kuti ndapenga ndi njala. Patapita miyezi, mbande zitakula n'kunenepa ngati pensulo, ndinapita kwa aphunzitsi ena opuma pantchito amene anali ndi mtengo wa mango a Kent pakhomo pawo. Ndinagwada n'kupempha tinthambi.

"Uchita nato chiyani, mwanangu?"

Ndinawaonetsa buku. Anavala magalasi, n'kuwerenga mawu a pensulo aja, kenaka anakatenga okha makwerero.

Mpeni ndinalibe, ndinagwiritsa ntchito lezala. Ndinkadula mbande, kuing'amba pang'ono pakati, kusongola kanthambi mbali ziwiri, kukalowetsa mumng'aluwo, n'kumanga ndi kansalu ka pulasitiki kodula kujumbo. Woyamba unauma. Wachiwiri unachita nkhungu. Pofika wachisanu ndi chitatu ndinali nditamupitirira mnzanga wa pensulo pa kulephera, ndipo ndinakhala pansi n'kulira. Azakhali, amene sankanenapo kanthu masiku onsewo, anabwera ndi lezala watsopano wa m'kapepala.

"Wakoyo wabuntha," anatero. "Si mmene alembera mmenemo?"

Sindinkadziwa kuti nawonso ankaliwerenga ine ndikapita kumjigo.

Wachikhumi ndi chiwiri ndi umene unagwira. Patatha milungu itatu, m'mawa wina ndinapeza timasamba tiwiri tofiirira, tofewa ngati khutu la mwana wakhanda, titatuluka pamwamba pa kanthambi. Ndinaitana azakhali mokuwa mpaka anabwera akuthamanga ndi mtanda wa mandasi m'manja, akuganiza kuti ndalumidwa ndi njoka.

Chaka chotsatira ndinagulitsa mbande 40 pa msika wa Thondwe. Anthu ankagula atamva kuti mtengo womezanitsa umabereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, pomwe wongodzala mbewu umachedwa. Ndalama imeneyo ndi imene inandibwezera kusukulu. Lero nazale yanga ili ndi mango, mapeyala ndi malalanje, ndipo atsikana anayi amagwira nane ntchito.

Mtengo woyamba kugwira uja utabereka, ndinathyola mango asanu n'kupita nawo kuseri kwa a kaunjika. Pamalo pa madala aja panali mnyamata wogulitsa nsapato. Anati agogowo anabwerera kwawo ku Machinga kalekale, ndipo mudzi wake sankaudziwa. Mango aja ndinamupatsa iyeyo.

Madzulo ake ndinatenga buku lija, lomwe tsopano ndinali nditalisokera chikuto cha chitenje, n'kutsegula tsamba la manja awiri. Ndinasongola pensulo, ndipo pansi pa mawu opendekeka aja ndinalemba kuti: "Ine kakhumi ndi kamodzi. Zikomo."