Pempho lokonzetsa shopu nambala 3 ku Ndirande ndi kuunikanso lendi

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mayi kunyumba. Ndasankha kulemba kuti zimene tinakambirana pafoni mwezi watha zisungike bwino.

Nkhani yaikulu ndi denga. Chidutsire namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, malata a chipinda chakumbuyo sanakhalenso bwino. Misomali inazuka, malata ena anachita dzimbiri, ndipo siling'i yafufuma moti ikhoza kugwa tsiku lililonse. Mvula ya chizimalupsa ya sabata yatha inalowa mpaka kunyowetsa zitenje za makasitomala ndi nsalu za yunifolomu, ndipo ndabweza ndi ndalama za m'thumba mwanga. Chimene chikundisowetsa tulo ndi mawaya a magetsi amene adutsa pomwe pakudonthapo. Atsikana awiri amene ndimasoka nawo amagwira mashini ndi simbi zamagetsi tsiku lonse, ndiye sindingadikire kuti wina ayambe wavulala. Loko wa chitseko chakumbuyo nayenso anatha, ndipo mpope wa kuchimbudzi ukutaya madzi, zomwe zikukweza bilu.

Ndinaitana kalipentala kuti aone. Akuti pakufunika malata 8, matabwa, misomali ndi siling'i yatsopano, ndipo zonse pamodzi ndi ntchito yake zikukwana K420,000. Pepala lake ndaliphatikiza pa kalata ino limodzi ndi zithunzi. Ngati muli ndi mmisiri wanu amene mumamudalira, abwere ndithu, bola ntchito ithe mvula yeniyeni isanayambe mu Novembala.

Tsono za lendi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, munakweza kuchoka pa K120,000 kufika pa K180,000 pamwezi. Sindinatsutse, chifukwa ndikudziwa kuti nanunso zinthu zinakukwererani. Koma mtengo umenewo unali wa zipinda ziwiri, pamene ine ndikugwiritsa ntchito chimodzi chokha. Katundu yense ndamuunjika kutsogolo, kasitomala akusowa ndi poyesera chovala pomwe.

Pempho langa ndi lakuti lendi itsike kufika pa K140,000 mpaka chipindacho chitakonzedwa. Zikatha, tibwerere pa K180,000, koma tilemberane kuti mtengowo sudzasintha kwa chaka chathunthu. Ngati ndalama zokonzera zavuta pakali pano, ndingathe kukonzetsa ndekha, nkumadula K70,000 pa lendi mwezi uliwonse kwa miyezi 6. Malisiti onse ndidzakupatsani.

Mukudziwa kuti chilowereni m'nyumbayi sindinalumphitseko mwezi, ndipo sindikufuna kusamuka chifukwa makasitomala anga anazolowera pano. Chonde mundiyankhe pofika Lachisanu, kapena mudutse Loweruka m'mawa mudzaone nokha.

Zikomo kwambiri.

Ine wanu,
Nabanda
Shopu yosoka zovala, nambala 3