Phunziro la Fomu 3: Girafu ya liwiro ndi nthawi, ulendo wa basi

Kwa ophunzira a gulu lathu la Loweruka ku Mufakose. Tengani pepala la magirafu, rula ndi pensulo, muzijambula uku mukuwerenga.

Basi yaima pa siteji mumsewu wa High Glen, pamalo pomwe msewu ndi wowongoka. Ikunyamuka, ndipo m'masekondi 8 liwiro lake likukwera mofanana kuchoka pa 0 kufika pa mamita 12 pa sekondi. Ikuyenda ndi liwiro lomwelo masekondi 30. Kenako mayi wina akuiimitsa kutsogolo, dalaivala akuponda buleki, basi n'kuima m'masekondi 6.

Pa mzere wogona ikani nthawi, t, m'masekondi. Pa woimirira ikani liwiro, v. Lembani madontho anayi awa, muwalumikize ndi rula:

```
(0, 0)  (8, 12)  (38, 12)  (44, 0)
```

Mwapeza mzere wokwera, wina wogona, wina wotsika. Chinthu choyamba kuchichotsa m'mutu n'chakuti chimenechi ndi chithunzi cha msewu. Basi sinakwere chitunda ayi.

Liwiro ndiye losavuta, mumangowerenga kutalika kwa mzere. Pa sekondi ya 4, kwerani kuchoka pansi mpaka mugunde mzere, muyang'ane kumanzere: 6 m/s. Pa sekondi ya 20 ndi 12 m/s. Mukachulukitsa ndi 3.6 mupeza makilomita 43.2 pa ola, kutanthauza kuti dalaivala wathu sanafike pa 60 wa m'tauni.

Akiselereshoni, a, ndi kupendekeka kwa mzere: liwiro lasintha ndi zingati, m'masekondi angati. Apa u ndi liwiro loyambira pa gawolo, v ndi lomalizira.

```
a = (v - u) / t
0–8 s:    (12 - 0) / 8  = 1.5 m/s²
8–38 s:   (12 - 12) / 30 = 0
38–44 s:  (0 - 12) / 6  = -2 m/s²
```

Manambala amenewa thupi lanu limawadziwa kale. Mukaimirira m'basi, ponyamuka mumakankhikira kumbuyo, dzanja n'kulimba pachitsulo. Pakati paja, ngakhale basi ikuthamanga, mutha kusiya chitsulo n'kupisa m'thumba kufuna ndalama ya kondakitala, chifukwa liwiro silikusintha. Ndiye mzere wogona sukunena kuti basi yaima. Ikanaima, mzerewo ukanagona pansi penipeni, pa 0. Poima mumagwera kutsogolo, ndipo mwamphamvu kuposa ponyamuka paja, pakuti 2 ndi wamkulu kuposa 1.5. Taonani kuti mzere wotsikawo ndi wotsetsereka kwambiri kuposa wokwera.

Chizindikiro chochotsera chija chikungosonyeza kuti liwiro likuchepa. Basi sikubwerera m'mbuyo: mzere ukadali pamwamba pa 0, ndiye ikupitabe kutsogolo mpaka sekondi ya 44.

Tsopano mtunda kuchoka pomwe basi inanyamukira, s. Uwu ndi kukula kwa malo ali pansi pa mzere. N'chifukwa chiyani? Tengani gawo lapakati. Mamita 12 pa sekondi iliyonse, kwa masekondi 30, ndi 12 × 30, ndipo kumeneko n'kuchulukitsa msinkhu ndi m'litali mwa rekitango. M'magawo a kumapeto liwiro likusintha, choncho malowo ndi thirayango, theka la rekitango.

```
½ × 8 × 12 = 48 m
30 × 12    = 360 m
½ × 6 × 12 = 36 m
s          = 444 m
```

Amene amakonda njira yachidule atha kutenga chithunzi chonse ngati tirapeziyamu: ½ × (44 + 30) × 12, ndipo apezabe 444. Ineyo ndimalimbikitsa kudula magawo, chifukwa funso likasintha pang'ono simusokonezeka. Mwachitsanzo, basi yayenda mamita angati m'masekondi 4 oyamba? Ambiri amathamangira kugawa 48 pakati n'kulemba 24. Jambulani kathirayango kakang'onoko muone: ½ × 4 × 6 ndi mamita 12 okha. Mamita 36 otsalawo yayenda m'masekondi 4 achiwiri, itatenga kale liwiro.

Avereji ya liwiro pa ulendo wonse ndi 444 kugawa ndi 44, pafupifupi 10.1 m/s. Popeza basi sinakhote kapena kubwerera, mtunda woyenda ndi mtunda kuchoka poyambira ndi umodzi. Mzere ukanadutsa kunsi kwa 0, malo a kunsiko mukanawachotsera pofuna s.

Pa mayeso a ZIMSEC musasiye nambala yopanda muyeso wake, ndipo onetsani njira yonse.

Ntchito yakunyumba: kombi yanyamuka pa Mbare Musika, yafika pa 15 m/s m'masekondi 6, yayenda choncho masekondi 20, yaima m'masekondi 5. Jambulani girafu, pezani a pa gawo lililonse, s ya ulendo wonse, ndi mamita omwe yayenda m'masekondi 2 omaliza. Mubwere nazo Loweruka, zili pa pepala la magirafu.